Mmene mungakambirane za kusiyana kwa zaka chibwenzi chisanapite patali

Pa milandu ya m'banja imene ndakhalapo ngati nkhoswe kuno ku Angoniya, ndaona kuti mwamuna ndi mkazi osiyana kwambiri zaka nthawi zambiri amavutika chifukwa choti nkhani ya zakazo anaizemba pa chiyambi, wina poopa kukanidwa, wina poopa kuoneka wopanda ulemu, mpaka anadzaidziwa bwino pamene mphatso zadyedwa, abale amva, ndipo mwina pathupi palipo kale. Malangizo awa ndi a munthu wamkulu amene wakumana ndi wina womuposa kapena womuchepera ndi zaka 10, 15 kapena 20, ndipo akuona kuti mtima wayamba kupita komweko.

Choyamba, tsimikizani chaka chobadwa, chanu ndi cha mnzanuyo

Pali malire amene sakambidwa n'komwe. Lamulo la dziko la Mozambiki nambala 19 la chaka cha 2019 limaletsa ukwati, kukhalira pamodzi ngati banja, ngakhalenso kutomera munthu amene sanakwanitse zaka 18. Wamkulu amene wakwatira kapena kukwatiwa ndi mwana wotere akhoza kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 8 mpaka 12, ndipo makolo ndi atsogoleri amene athandizira nawonso ali ndi mlandu. Kuvomera kwa makolo sikuchotsa mlanduwo, ndipo kukula thupi, kuvinidwa kapena kukhala ndi mwana kale sikumusandutsa mtsikana kukhala wazaka 18. Ngati mwapeza kuti mnzanuyo sanafike pamenepo, palibe chokambirana china, mumusiye. Amene akudziwa mwana wokakamizidwa kulowa m'banja akhoza kuimba nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, kapena kupita ku ofesi yoona za mabanja ndi ana imene ili kupolisi.

Tsono vuto lathu kuno ku Tete ndi lakuti si aliyense amene amadziwa bwino chaka chake chobadwa. Anthu ambiri a ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerera pangano la mtendere la pa 4 Okotobala 1992 litasainidwa. Ena analembetsedwa atakula kale, mlembi n'kungoyang'ana msinkhu wa mwana ndi kulemba chaka chimene waganiza. N'chifukwa chake chitupa cha BI chikhoza kusiyana ndi zoona ndi zaka ziwiri kapena zitatu popanda mwiniwake kunama. Kwa munthu wazaka za m'ma 40 kusiyana kotere si nkhani yaikulu, bola anene. Koma kwa mtsikana amene akuti ali ndi zaka 19 pamene alibe chitupa chilichonse, zaka ziwiri zimenezo n'zimene zimasiyanitsa chibwenzi ndi mlandu, choncho wamkulu asapitirire mpaka ataona BI, chikalata cha kubadwa, khadi la ubatizo kapena la kusikelo ya ana.

Pamene zikalata zikukayikitsa, zochitika zodziwika zimathandiza. Munthu amene akukumbukira imfa ya Pulezidenti Samora Machel mu 1986 sangakhale kuti anabadwa mu 1990. Amene akuti anagulapo zinthu yekha ndi ndalama zakale zija, zisanasinthidwe mu 2006, ndiye kuti nthawi imeneyo anali kale mwana wotumika kumsika. Mafunso otere amafunsidwa mocheza, ndipo munthu woona mtima amawayankha mosavuta, nthawi zina mpaka kuwonjezerapo nkhani zake.

Chachiwiri, sankhani nthawi ndi malo

Nthawi yabwino ndi ulendo wachiwiri kapena wachitatu wokumana, pamene zaonekeratu kuti sikungopatsana moni chabe, koma wina asanalandire foni, chitenje kapena ndalama kwa mnzake. Ndikuika malire pa mphatso chifukwa munthu amene walandira kanthu amamangika pakamwa. Mtsikana amene waguliridwa foni dzulo sangathe kunena lero momasuka kuti kusiyana kwa zakako kwamuchulukira, popeza mumtima akuwerengera kuti akakana adzafunsidwa kubweza.

Kambiranani maso ndi maso, masana, pamalo poonekera koma pamene odutsa sangamve mawu anu, monga pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi mapemphero atatha kapena pakhonde la mbale wanu. Musakambirane kudzera m'mauthenga a pafoni, chifukwa simuona nkhope ya mnzanu pamene wamva chakacho. Musakambiranenso pamowa, kapena m'galimoto ya wamkuluyo, pamene wamng'ono sangathe kunyamuka n'kumapita akafuna.

Woyamba kulankhula akhale wamkuluyo. Mwambo wathu sulola wamng'ono kufunsa wamkulu kuti muli ndi zaka zingati, ndipo mkazi amene anaphunzitsidwa kugwada polankhula ndi akuluakulu akhoza kukhala miyezi isanu ndi funsolo pakhosi. Wamkulu akangodikira kuti afunsidwe, ndiye kuti akubisala kumbuyo kwa ulemu wa mnzake. Ngati ndinu wamng'ono ndipo mnzanuyo sakuyamba, yambani ndi chaka chanu, monga kunena kuti, "Ine ndinabadwa mu 1998, nkhondo itatha kale. Nanga inu achimwene, munabadwa chaka chiti?" Kufunsa chaka chobadwa kumamveka kofatsa kuposa kufunsa zaka, ndiponso n'kovuta kukuzemba ndi mayankho onga akuti "ndine wamkulu pang'ono".

Ndifotokoze nkhani ya anthu awiri amene ndinawathandiza, popanda kutchula maina awo. Mwamunayo ndi wogula mbatatesi kwa alimi a ku Domwe ndi Tsangano n'kumakagulitsa mumzinda wa Tete, ndipo mkazi wake woyamba anamwalira, kumusiyira ana atatu. Mkaziyo ndi telala pamsika wa Ulongwe, ali ndi mwana mmodzi. Anadziwana mu 2024 pamene bamboyo anakasoketsa yunifolomu ya mwana wake wotsiriza. Pa ulendo wachitatu, atakhala pabenchi kunja kwa shopu, makina osokera ataphimbidwa kale ndi chitenje, bamboyo anatulutsa BI yake n'kuipereka ndi manja awiri, nati, "Mayi, musanandiyankhe chilichonse, onani apa. Chitupachi chikuti 1982, koma chaka chenicheni ndi 1979, chifukwa khadi langa la ubatizo limatero, ndipo pamene tinkathawira ku Dedza mu 1986 ndinali wotha kubereka mng'ono wanga kumsana. Ndili ndi zaka 45. Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, wa 2002." Mkaziyo anakhala chete kwa nthawi, akupinda ndi kupindulula kansalu kamene kanali m'manja mwake, kenako anati, "Ndiye kuti mwana wanuyo ndimamuposa ndi zaka zinayi zokha." Bamboyo anavomera kuti ndi choncho, ndipo sanawonjezere mawu okometsera.

Onani kuti ananena zinthu zitatu nthawi imodzi: chaka chenicheni, kusiyana kwake ndi chitupa, ndi msinkhu wa mwana wake wamkulu. Chachitatuchi ambiri amachisiya, pamene ndicho chimene chimadzapweteka kwambiri chikamvekera kwa anthu ena.

Chachitatu, musafune yankho tsiku lomwelo

Mukanena chakacho, mupatseni mnzanu mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo muuzeni momveka kuti ali ndi ufulu wokafunsa nzeru kwa amayi ake, azakhali ake kapena mnzake wapamtima. Munthu amene akuti "zimenezi zikhale za ife awiri" pa nkhani ya zaka akuopa kuti ena amuunikira mnzakeyo zimene iye sakufuna kuti zioneke.

Chachinayi, lembani zakazo papepala ndi kuziyendetsa kutsogolo

Apa ndi pamene ndimafuna kuti anthu achedwepo, chifukwa kunena kuti "timasiyana ndi zaka 19" sikumveka kulemera kwake mpaka mutaona zimene zakazo zidzatanthauze m'tsogolo. Tengani pepala, lembani chaka chino, chaka cha patsogolo ndi zaka 10, ndi cha patsogolo ndi zaka 20, ndipo pa chilichonse muike msinkhu wa aliyense wa inu ndi wa ana.

Awiri aja anachita zimenezi atakumananso. Mu 2024 bamboyo anali ndi zaka 45, mayiyo 26. Mu 2034 adzakhala ndi 55 ndi 36. Mu 2044 adzakhala ndi 65 ndi 46. Kenako anawerengera kuti akabereka mwana mu 2026, mwanayo adzakwanitsa zaka 18 mu 2044, bambo ake ali ndi zaka 65. Mayiyo ndiye anafunsa funso limene linali lofunika koposa, kuti ntchito yokweza matumba a mbatatesi pa lole ndi kugona m'njira ya ku Tete bamboyo adzaigwira mpaka liti, ndipo ikadzatha, ndalama ya sukulu ya mwana wa kusekondale idzachokera kuti. Bamboyo anayankha kuti sakuona kuti angapitirire zaka 60 akuyenda chotero. Apa zinaonekeratu kuti pa zaka zisanu zotsiriza za sukulu ya mwanayo, banja lidzadalira makina osokera a mayiyo ndi munda. Anagwirizana kuti mayiyo sadzasiya ntchito yake akakwatiwa, ngakhale kuti bamboyo poyamba ankafuna kuti adzingokhala pakhomo.

Pepalalo limatulutsanso nkhani imene anthu sakonda kuitchula, ya kudwazika ndi umasiye. Palibe amene amadziwa tsiku lake, ndipo wamng'ono akhoza kutsogola, koma pa kusiyana kwa zaka pafupifupi 20 n'zoyembekezeka kuti wamng'onoyo adzasamala wokalamba iye akadali ndi mphamvu, ndiponso kuti adzatsala yekha zaka zambiri. Mufunseni mnzanuyo mosabisa ngati waganizapo zimenezi. Funsaninso kuti nyumba imene mudzakhalemo ndi ya yani, ili pa malo a yani, ndipo ana a banja loyamba akuiona bwanji. Bambo uja anali ndi nyumba ya malata imene anamanga ndi malemu mkazi wake, ndipo ana ake ankaitenga ngati yawo. M'malo moti mkazi watsopano alowe m'nyumba imene tsiku lina adzatulutsidwamo, anasankha kuumba njerwa za nyumba ina, ndi kukalembetsa ukwati wawo ku ofesi ya boma kuti pakhale chikalata.

Chachisanu, kambiranani za ana ndi za thanzi

Funso la ana lifunsidwe ndi nambala. Mwamuna amene ali ndi ana atatu akuluakulu mwina akufuna mmodzi yekha kapena sakufunanso, pamene mkazi wazaka 26 mwina akufuna atatu. Onse awiri akangoti "Mulungu akatipatsa" osatchula chimene akufunadi, adzakangana mwana woyamba akadzayamba kuyenda.

Nkhaniyi imalemera kwambiri pamene wamkulu ndi mkazi. Mphamvu yobereka ya mkazi imatsika kwambiri akapitirira zaka 35, ndipo ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Mayi wazaka 41 amene wakumana ndi mnyamata wazaka 29 wopanda mwana ayenera kumuuza poyera kuti mwina adzabereka, mwina ayi, ndipo ngati anatseketsa kuchipatala anene tsiku lomwelo limene akunena chaka chake. Mnyamatayo asafulumire kuyankha kuti ana alibe nawo ntchito. Adzifunse ngati adzapirire pamene amayi ake ndi alongo ake adzayambe kufunsa za mdzukulu, chifukwa ndaona mabanja otere akutha m'chaka chachitatu kapena chachinayi, mwamuna atapezeka ndi mwana kumbali, pamene pa chiyambi analumbira kuti sakufuna.

Musanagonane, pitani limodzi kuchipatala mukayezetse HIV, ndipo mumve zotsatira muli pamodzi. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma. Wamkulu wakhala ndi moyo wautali musanakumane, mwina anafedwa popanda kudziwa bwino chimene chinatenga mnzake, koma wamng'ono naye ali ndi mbiri yake, choncho pempholi si lonyoza aliyense. Ngati mmodzi akumwa ma ARV, kapena ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, anene, chifukwa matenda amenewa amakhala ndi munthu moyo wonse ndipo mnzake adzakhala nawo pafupi tsiku ndi tsiku. Wokana kuyezetsa, amene akuti kukula kwake kapena udindo wake kutchalitchi ndi umboni wokwanira, musapitirire naye.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani ngati wamng'ono angathe kukana

Kawirikawiri wamkulu ndiye amakhala ndi ndalama, njinga yamoto, malo ndi anthu omudziwa. Zimenezi si tchimo, koma zimachititsa kuti mawu ake alemere kuposa a mnzake ngakhale iye sakufuna. Njira yodziwira ngati chibwenzi chili pabwino ndi kuona zimene zimachitika wamng'ono akanena kuti ayi pa kanthu kakang'ono. Mayi uja anakana kukumana Loweruka lina chifukwa anali ndi madiresi a ukwati oti amalize. Bamboyo anangoti adzabwera Lachiwiri, ndipo anabweradi, osakwiya ndi osamukumbutsa zimene anamuchitirapo. Mwamuna amene pa kukana kotere amazima foni masiku atatu, kapena amati "iwe ndiwe mwana, sudziwa kanthu", waonetsa kale mmene adzaweruzire nkhani zonse za m'nyumba.

Zizindikiro zina zoti kukambirana kwalephera n'zosavuta kuziona. Chaka chobadwa chimasinthasintha, lero 1985, mawa 1981. Munthu amaseka funso n'kunena kuti zaka zilibe ntchito, osalitchula chakacho. Sakufuna kuti mudziwe kumene amakhala, zimene nthawi zambiri zimatanthauza kuti kunyumbako kuli mkazi kapena mwamuna. Zibwenzi zake zonse zakale zinali za atsikana ongotuluka kumene kusukulu, ndipo iye akamakula, msinkhu wa amene amawafuna sukwera. Ameneyu ndi amene anthu amamutcha chidyamakanda, ndipo amafunafuna munthu wosatha kumutsutsa. Kumbali inayo, wamkulu naye atsegule maso. Ngati kukumana kulikonse kumathera pa pempho la ndalama, ndipo wamng'onoyo sakufuna kuti muonekere limodzi masana kapena kuti abale ake akudziweni, mufunseni mwachindunji chimene akufuna, ndipo muime kaye kupereka kwa mwezi umodzi kuti muone ngati adzabwerabe.

Pali kanthu kena kooneka kakang'ono kamene ndimakafunsa nthawi zonse, kuti mumaitanana bwanji. Mkazi kunena "inu" kwa mwamuna wake ndi mwambo wathu, koma ngati mwamunayo amayankha ndi "iwe" wolamula monga amachitira kwa ana ake, pamaso pa anawo, iwo sadzamulemekeza mayi watsopanoyo. Bambo uja anasankha kumuitana mkaziyo ndi dzina la mwana wake, amake uje, ndi kumunena "inu" pagulu, ndipo anauza ana ake kuti adzimutcha amayi aang'ono.

Chotsiriza, fikitsani nkhaniyi kwa abale ndi nambala zake zenizeni

Mukagwirizana awiri, wotsatira kumva akhale atsibweni kapena amene adzaime ngati nkhoswe, ndipo auzidwe zaka zenizeni musanapite kukafunsira. Musamusiye nkhoswe wanu kuti akadzidzimukire pabwalo la eni mbumba. Akudziwa, amakonzekera mayankho a mafunso amene adzabwere: mkazi woyamba anapita kuti, ana akukhala ndi yani, mwamunayo alibe banja lina ku Mowatize kapena kutsidya kwa malire.

Nkhani ya kokhala ikambidwenso msanga. Kwa Achewa mwamuna amayamba chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi, koma bambo wazaka 45 amene ali ndi nyumba, ana ndi bizinesi sangasamuke mosavuta, ndipo mwina apongozi ake ndi a msinkhu wake womwewo. Apa pamafunika kupempha chitengwa kuyambira pa chiyambi, eni mbumba avomereze kuti mwana wawo atengedwe. M'mabanja a Angoni amene amapereka malowolo, wamkulu asagwiritse ntchito kuchuluka kwa ng'ombe kapena ndalama kuti atseke pakamwa abale amene akukayika, chifukwa mkazi amene abale ake anadya zambiri amavutika kubwerera kwawo zinthu zikaipa. Ankhoswe a mkazi amufunse mwana wawo payekha, mwamunayo palibe, ngati akufunadi.

Ana akuluakulu a wamkuluyo amve kuchokera kwa kholo lawo, kunyumba, chinkhoswe chisanachitike. Bambo uja anaitana mwana wake wa 2002 yekha, namuuza chaka chimene mayi watsopanoyo anabadwa. Mwanayo analira, nati anzake adzamuseka kuti bambo ake akwatira mnzake wa msinkhu umodzi, ndipo kwa miyezi iwiri sanapite kushopu kuja ngakhale kudutsako. Bambo ake sanamukakamize, koma anamuuza za nyumba, kuti ya amayi ake idzakhala ya iye ndi abale ake. Chinkhoswe anachiimika kaye mpaka mvula itatha ndipo njerwa za nyumba yatsopano zitawotchedwa, ndipo pa tsikulo mwanayo anabwera, anakhala kumbali ya azakhali ake, nathandiza kugawa nsima kwa alendo a kuchikazi.